Dzina la buku si sikelo: mmene maimamu a hadisi ankasankhira zolemba

Bismillahi Rahmani Rahimi.

Dzuwa likamapendeka m'mwezi wa Ramadhani, ambiri a ife timakhala ndi madua awiri pakamwa pomasula swaumu. Ina imanena za kutha kwa ludzu ndi kukhazikika kwa malipiro. Inayo imanena kuti tafunga chifukwa cha Allah ndipo tikumasula ndi riziki lake. Madua awiri onsewa ali m'buku la Imamu Abu Dawud, m'mutu umodzi, moyandikana. Komatu kulemera kwake si kumodzi. Yoyamba ija ili ndi mndandanda wathunthu wa anthu opatsirana, kudzera mwa Swahaba Abdullah ibn Umar mpaka kwa Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), ndipo akatswiri monga Imamu Daraqutni anati mndandanda wake ndi wabwino. Yachiwiriyo inachokera kwa Mu'adh ibn Zuhra, munthu amene sanakumane ndi Mtumiki, yemwe anangoti nkhaniyo inamupeza. Pakati pa iye ndi Mtumiki pali mpata.

Nanga Abu Dawud analakwitsa poika hadisi ya mpata m'buku lake? Ayi. Iye sanalonjeze kuti alemba zotsimikizika zokhazokha. Amene timalakwitsa ndife, tikamaganiza kuti mawu akuti "ailandira Abu Dawud" ndi ofanana ndi akuti "hadisi iyi ndi swahihi". Palinso kulakwitsa kwina kotsutsana ndi kumeneku, komwe kwadza ndi mphamvu pakati pa achinyamata athu: kukana hadisi iliyonse imene mulibe mwa Bukhari ndi Muslim. Ife tikuona kuti zolakwa ziwirizi muzu wake ndi umodzi. Timatenga mabuku asanu ndi limodzi aja ngati buku limodzi lolembedwa ndi lamulo limodzi, pamene mlembi aliyense anali ndi funso lakelake limene ankayankha.

Mabukuwa anasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 800, patadutsa zaka zoposa 200 chimwalirire Mtumiki. Bukhari anamwalira mu 870 kufupi ndi Samarkandi, Muslim mu 875 ku Nishapuri, Ibn Majah mu 887 ku Kazwini, Abu Dawud mu 889 ku Basra, ndipo Tirmidhi mu 892. Nasai yekha ndiye anafika mpaka 915. Onsewa ankayeza hadisi poyang'ana sanadi, ndiko kuti mndandanda wa anthu amene anapatsirana mawuwo kuchokera kwa Mtumiki kufika kwa mlembi. Onse ankafunsa ngati wosimba aliyense anali woona mtima, ngati anali wosunga bwino zomwe wamva, komanso ngati anamvadi kwa amene akumutchula. Kusiyana kwawo kunali pa muyezo wa mafunso amenewa, ndi pa zomwe aliyense ankachita ndi hadisi imene yaperewera pang'ono.

Tiyambe ndi mfundo imene ambiri sitiidziwa. Bukhari sanalembe paliponse mndandanda wa malamulo ake osankhira. Zomwe timatcha malamulo a Bukhari anazitulukira ndi maulama a m'mbuyo mwake, atafufuza buku lonse kuti aone amene iye ankawadalira ndi amene ankawapewa. Mmodzi mwa iwo ndi Hazimi, yemwe anamwalira mu 1188. Iyeyu anapereka chitsanzo chomveka bwino pogwiritsa ntchito ophunzira a shehe mmodzi wamkulu wa ku Madina, Ibn Shihab Zuhri, amene anamwalira mu 742 ndipo hadisi zake zadzaza m'mabuku onse asanu ndi limodzi.

Hazimi anagawa ophunzira a Zuhri m'magulu asanu. Gulu loyamba ndi la anthu okhulupirika, osunga bwino, amenenso anakhalitsa ndi Zuhri, ena mpaka kuyenda naye pa maulendo. Mmenemu muli Imamu Malik, Sufyan ibn Uyayna ndi Yunus ibn Yazid. Gulu lachiwiri ndi la anthu okhulupirika ndithu, monga Awza'i wa ku Shamu ndi Layth ibn Sa'd wa ku Iguputo, koma amene sanakhale ndi Zuhri nthawi yaitali. Gulu lachitatu ndi la anthu amene akatswiri anawapeza ndi zolakwa, kotero ena ankawalandira ena ankawakana. Lachinayi ndi la anthu okhala ndi zolakwa zomwezo, amenenso sanazolowere hadisi za Zuhri. Lachisanu ndi la ofooka ndi osadziwika.

Malinga ndi kafukufuku ameneyu, Bukhari amadalira gulu loyamba, ndipo amatolako mosamala kwa akuluakulu a gulu lachiwiri. Muslim amadalira magulu awiri oyamba, n'kutolako mosamala ku lachitatu. Abu Dawud ndi Nasai amafika ku gulu lachitatu, pamene Tirmidhi amafika ku lachinayi, uku akufotokoza kufooka kumene kulipo. Taonani chinthu chimodzi apa. Awza'i ndi Layth anali maimamu akuluakulu, osachepa pa kuopa Allah kapena pa maphunziro. Funso silinali lakuti munthuyu ndi wabwino kodi. Linali lakuti hadisi za shehe uyu akuzidziwa bwanji. Nafenso timazidziwa zimenezi: mwana amene wakula ndi agogo ake amasimba mbiri ya banja molondola kuposa mdzukulu wanzeru wa m'tauni amene amangobwera pa Idi.

Tsopano titenge hadisi imodzi, tione mmene inayendera m'manja mwa maimamu atatu. Ndi hadisi ya zakati ya ziweto. Imasimba kuti Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) analembetsa chikalata cha miyezo ya zakati, koma anamwalira asanachitumize kwa otolera, ndipo Abu Bakr anachigwiritsa ntchito, kenako Umar. M'chikalatamo muli miyezo yomwe timaphunzira ku madrasa: ngamira zisanu zimatulutsa mbuzi kapena nkhosa imodzi, ngamira khumi ziwiri, ndipo mbuzi kapena nkhosa zikakwana 40 pamatuluka imodzi mpaka zifike 120.

Hadisiyi anaisimba ndi Sufyan ibn Husayn wa ku Wasiti, m'dziko la Iraki. Iye anati anaitenga kwa Zuhri, Zuhri kwa Salim, Salim kwa bambo ake Abdullah ibn Umar, mpaka kwa Mtumiki. Pongoona, sanadi imeneyi ilibe mpata. Vuto lili pa Sufyan ibn Husayn mwiniwake. Akatswiri anagwirizana kuti ndi wodalirika akamasimba za mashehe ena, koma akamasimba za Zuhri amasokoneza. Yahya ibn Ma'in anafotokoza kuti iye anamva kwa Zuhri pa nyengo ya Haji chabe. Hazimi anamuika m'gulu lachitatu lija.

Nanga kusokoneza kumadziwika bwanji? Akatswiri ankafanizira. Ankatenga hadisi imodzi n'kuona mmene ophunzira onse a shehe mmodziyo anaisimbira. Yunus ibn Yazid, wa gulu loyamba, amene anakhala ndi Zuhri zaka zoposa khumi, anasimba nkhani yomweyi mwa njira ina. Kwa iye, Zuhri ananena kuti chikalatacho chinali kusungidwa ndi banja la Umar, ndipo Salim anamupatsa kuti awerenge. M'kasimbidwe kameneka Abdullah ibn Umar sakuoneka ngati wopatsira pakati pa Salim ndi Mtumiki. Choncho wophunzira wokhalitsa wasimba sanadi yaifupi, pamene wophunzira wa pa Haji wasimba sanadi yathunthu. Pamenepo katswiri amakayika: kodi Sufyan sanangodzaza mpatawo ndi njira yozolowereka, poti Salim kawirikawiri amasimba kuchokera kwa bambo ake?

Abu Dawud anailemba hadisi ya Sufyan m'mutu wa zakati, ndipo patsogolo pang'ono anaikanso kasimbidwe ka Yunus, kuti wowerenga wodziwa adzionere yekha kusiyana kwake. Tirmidhi nayenso anailemba, koma sanaisiye chete. Anaipatsa mlingo wa hasani, ananena kuti akatswiri ambiri a malamulo amaigwiritsa ntchito, kenako anaulula poyera kuti Yunus ndi ena sanaifikitse kwa Mtumiki, ndi kuti amene anatero ndi Sufyan ibn Husayn. Bukhari sanaiike pakati pa hadisi zake za sanadi yathunthu. Anangoitchula pamutu wa nkhani, popanda sanadi, ndi mawu osatsimikiza osonyeza kuti zimanenedwa choncho. Umboni wake weniweni wa miyezo ya zakati anautenga kwina: kalata imene Abu Bakr analembera Anas ibn Malik pomutuma ku Bahraini.

Tisathamangire kunena kuti Bukhari anaiona hadisiyi ngati yabodza. Zimasimbidwa kuti Tirmidhi, yemwe anali wophunzira wake, anamufunsa za hadisi yomweyi, ndipo Bukhari anayankha kuti akuyembekezera kuti inasungidwa molondola, ndi kuti Sufyan ndi munthu woona. Ndiye kuti hadisi imodzi yomweyi Bukhari anaiona yosafika pa muyezo wa buku lake, koma yosayenera kutayidwa. Ngakhale dzina lonse la buku lake lili ndi liwu lotanthauza kuti ndi lachidule. Zimanenedwa kuti anasankha kuchokera m'masimbidwe 600,000, ndipo zomwe analemba, tikachotsa zobwerezedwa, ndi pafupifupi 2,600. Muslim nayenso ananena kuti sanaike m'buku lake hadisi iliyonse imene ankaiona kuti ndi swahihi. Tsono munthu wokana hadisi chifukwa choti mulibe mwa awiriwa akuwanenera zomwe eni akewo sananene.

Pakati pa Bukhari ndi Muslim palinso kusiyana kwina, kokhudza kaliwu kamodzi ka Chiarabu kotanthauza "kuchokera kwa". Wosimba akanena kuti "anandiuza" kapena "ndinamva", palibe funso. Koma akangoti "kuchokera kwa uje", sizidziwika ngati anamva yekha kapena anauzidwa ndi munthu wachitatu amene sanamutchule. Muslim, m'mawu otsogolera buku lake, analimbikira kuti ngati anthu awiriwo ndi odalirika, anakhala m'nyengo imodzi, kukumana kwawo kunali kotheka, ndipo wosimbayo sadziwika ndi chizolowezi chobisa amene anamuuza, sanadiyo ilandiridwe ngati yolumikizana. Anatsutsa mwamphamvu anthu ofuna umboni woti awiriwo anakumanadi ngakhale kamodzi. Sanatchule dzina la amene ankamutsutsa, koma maulama ambiri a m'mbuyo, monga Ibn Hajar, ananena kuti kufuna umboni wa kukumana ndi njira ya Bukhari ndi shehe wake Ali ibn Madini.

Tiyerekeze osimba awiri, wina wa ku Basra wina wa ku Madina, amene zaka zawo zinakumanizana kwa zaka 30, ndipo onse anapitako ku Haji. Palibe hadisi ngakhale imodzi imene wa ku Basra akuti "ndinamva", koma palibenso umboni woti sanakumane. Pa njira ya Muslim hadisi yawo ikhoza kulowa. Pa njira inayo idikira panja mpaka papezeke malo amodzi osonyeza kuti anakumana. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Yokhwimayo imateteza ku mpata wobisika, koma ikhoza kusiya hadisi zoona chifukwa chakuti umboni wa kukumana sunalembedwe. Yofewayo imasunga zambiri, koma nthawi zina mpata ukhoza kudutsa osaoneka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maulama ambiri amaikira Bukhari patsogolo pa nkhani ya kutsimikizika, ngakhale amayamikira Muslim chifukwa chosonkhanitsa njira zonse za hadisi pamalo amodzi, pamene Bukhari amaimwaza m'mitu yosiyanasiyana.

Abu Dawud yekha anatisiyira kalata, imene analembera anthu a ku Makka, yofotokoza buku lake. Anati muli hadisi 4,800 ndipo cholinga chake ndi hadisi za malamulo. Anati hadisi imene ili ndi kufooka kwakukulu waifotokoza, ndipo imene waikhalira chete ndi yoti ikhoza kugwira ntchito, ngakhale zina n'zolimba kuposa zinzake. Anatinso pamene palibe hadisi ya sanadi yathunthu, hadisi ya mpata wa mtundu uja wa Mu'adh ibn Zuhra, yotchedwa mursali, imatha kukhala umboni, ngakhale mphamvu yake ndi yocheperapo. Taonani mmene analankhulira mosamala. Analonjeza kuchenjeza pa kufooka kwakukulu, osati pa kufooka kulikonse. Funso lake linali lakuti: pa nkhani iyi ya malamulo, kodi umboni umene akatswiri ali nawo ndi uti? Buku lotere n'lolembera munthu wodziwa kuyeza.

Tirmidhi anali ndi funso linanso. Iye ankafuna kusonkhanitsa hadisi zimene maulama anazigwiritsa ntchito, n'kuuza wowerenga mlingo wa iliyonse ndi amene anaitsatira. Kumapeto kwa buku lake anafotokoza tanthauzo la hasani kwa iye: m'sanadi musakhale munthu woganiziridwa bodza, hadisiyo isakhale yosemphana ndi zodziwika, ndipo ibwere ndi njira zoposa imodzi. Ananenanso kuti hadisi zonse za m'buku lake alipo maulama amene anazitsatira kupatula ziwiri. Imodzi mwa ziwirizo ndi ya Ibn Abbas, yosimba kuti Mtumiki anaphatikiza swala ziwiri ali ku Madina popanda mantha kapena ulendo. Chodabwitsa n'chakuti hadisi yomweyi ili m'buku la Muslim. Palibe kutsutsana apa. Muslim ankayankha funso la sanadi, Tirmidhi ankanena za kagwiritsidwe ntchito. Maulama a m'mbuyo, monga Imamu Nawawi, anakambirana kwambiri za tanthauzo la hadisiyi. Phunziro lake ndi lakuti kudziwa kuti hadisi ndi swahihi ndi sitepe yoyamba chabe. Lamulo lotuluka mmenemo ndi ntchito ina.

Buku lofunika kusamala nalo kwambiri ndi la Ibn Majah, chifukwa kawirikawiri sanena mlingo wa hadisi, ndipo anatola ngakhale kwa osimba ofooka kwambiri. Muhammad Fuad Abdul-Baqi wa ku Iguputo, amene analisindikiza m'zaka za m'ma 1950, anawerenga hadisi 4,341. Mwa izo, 1,339 sizipezeka m'mabuku asanu enawo, ndipo mwa zimenezi 613 zili ndi sanadi yofooka, pamene 99 n'zofooka kwambiri, zina zokanidwa kapena zabodza. Ndiye kuti hadisi imene ili mwa Ibn Majah yekha, mwayi woti ikhale yofooka ndi woposa theka. N'chifukwa chake maulama ena sanaliwerengere bukuli m'gulu la asanu ndi limodzi, ndipo m'malo mwake anaikamo Muwatta ya Imamu Malik. Komabe hadisi zoposa 600 mwa zake zokhazo ndi swahihi kapena hasani, ndipo chimenechi n'chuma chimene sitingachitaye.

Wina anganene kuti kusiyana konseku kukusonyeza kuti hadisi n'zosadalirika. Ife tikuona mosiyana. Anthu obisa chinyengo salemba pambali pa umboni wawo kuti umboniwu uli ndi chilema. Tirmidhi anatero pa hadisi ya zakati ija, ndipo Abu Dawud anaika masimbidwe awiri osiyana pafupipafupi. Sitikunenanso kuti Bukhari ndi Muslim sanafunsidwepo mafunso. Daraqutni, yemwe anamwalira mu 995, anadzudzula masanadi a hadisi pafupifupi 200 za m'mabuku awiriwa, ndipo Nawawi ndi Ibn Hajar anamuyankha. Mkanganowo unachitika poyera, ndi zida zomwezo zofanizira masimbidwe, ndipo mabuku awiriwa anatulukamo ali olimba.

Winanso anganene kuti zimenezi n'za mashehe, munthu wamba sangazikwanitse. N'zoona kuti sitonse tingayeze sanadi. Koma zimene tikupempha n'zochepa. Amene akulalika pambuyo pa swala, kapena kutumiza uthenga pafoni, akatchula Bukhari kapena Muslim aonetsetse kuti ndi hadisi ya sanadi yathunthu ya mkati mwa buku, osati mawu a pamutu wa nkhani opanda sanadi ngati aja a Salim. Akatchula Tirmidhi, anene ndi mlingo umene Tirmidhi mwiniwake anapereka, poti unalembedwa pansi pa hadisiyo. Akatchula Abu Dawud, Nasai kapena Ibn Majah, aonjezere dzina la katswiri amene anaiyeza ndi zomwe anapeza. Ndipo womvera ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "A Shehe, hadisi imeneyi mlingo wake ndi wotani?" Shehe wodziwa sakwiya ndi funso lotere.

Tibwerere pa mkeka wa futali. Amene akuwerenga dua yonena za kutha kwa ludzu ali ndi sanadi yolimbirapo, ndipo ndi imene tingalimbikitse kuphunzitsa ana. Amene akuwerenga inayo sanachimwe. Mawu ake ndi abwino, maulama ambiri a mazihabu ya Shafi'i anailemba m'mabuku awo, ndipo ambiri amalola hadisi yofooka pang'ono pa nkhani za dua. Chimene sayenera kuchita ndi kulumbira kuti Mtumiki ananenadi mawuwo, ndipo mnzakeyo sayenera kumutcha wopeka zachilendo m'chipembedzo. Abu Dawud anaika madua awiriwa m'mutu umodzi, ndipo mpata wa yachiwiriyo anausiya poonekera kuti aliyense wowerenga sanadi auone. Tikamaphunzitsa ana athu madua amenewa, tiwauzenso ndi zimenezo.

Allah ndiye akudziwa bwino. Atilandire swaumu ndi swala zathu, ndipo awachitire chifundo maimamu amenewa. Amin.